Za kalaliki wa nkhokwe ya mbatata ku Lizulu: mapepala awiri atizunguza mutu

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Makalata ofunsira ntchito ya kalaliki wa nkhokwe yathu tawatsegula. Chilengezo tinalemba kuti tikufuna MSCE yokhala ndi kirediti mu Masamu ndi Chingerezi, komanso dipuloma ya akaunti kapena pepala lofanana nayo. Awiri atiimitsa. Woyamba ndi mtsikana wa mbali ya ku Tsangano, anaphunzira ku Mozambiki, wabweretsa pepala la Chipwitikizi lolembedwa za kontabilidade, kutanthauza akaunti, ndipo akuti ndi dipuloma. Wachiwiri ndi mnyamata wakwathu konkuno, MSCE yabwino, anachita zaka ziwiri za digiri ya akaunti nkusiyira panjira chifukwa cha fizi. Tiwaitane ku intavyu kapena ayi?

Msungichuma: Mnyamatayo muitaneni basi. Digiri ndi zaka 4, dipuloma zaka 2, iye wachita 2, nde chatsala nchani? Masamu ake ndi omwewo

Aphunzitsi opuma: Mayi msungichuma, pa zakapo mwalondola koma pepala limaperekedwa munthu akakhoza maphunziro onse a pulogalamuyo, sikukhala pasukulu zaka zakutizakuti ayi. Alembi, pa thiransikiripiti yake masemesita alipo angati, ndipo onse anakhoza?

Mlembi: Alipo 4 madala. Atatu oyamba zonse anakhoza. Wachinayi maphunziro ndi 6, anayi ali ndi malikisi, awiri palibe cholembedwa, limodzi mwa awiriwo ndi la misonkho.

Aphunzitsi opuma: Mwaona. Chaka chachiwiri sanachitsirize, ali ndi chaka chimodzi chathunthu ndi zidutswa za chachiwiri. Koma ngakhale akanakhoza zonse, thiransikiripiti imangonena zomwe anaphunzira, siinena kuti wapatsidwa chiyani. Chomwe angachite nkupita kwa rejisitira wa sukulu yakeyo akafunse ngati pulogalamu yawo imapereka sitifiketi kapena dipuloma kwa munthu wotulukira pakati, chifukwa mapulogalamu ena amatero ena satero. Akabwera ndi kalata yoti wapatsidwa dipuloma, nkhani yatha. Popanda kalatayo pepala lake lalikulu likadali MSCE.

Achimwene a ku Joni: Izi nde zomwe zinandiona ine. Mwana wanga anakhoza matiriki kuno, kumudziko akumuuza kuti Masamu ake si Masamu poti anatenga amene amati litirase aja. Mapepala akunja mumangowanyoza a Malawi inu

Aphunzitsi opuma: Achimwene sikunyoza, ku Joni komweko Masamu alipo amitundu yosiyana, litirase ndi umodzi mwa iyo, ndipo mayunivesite awo samawawerengera chimodzimodzi pa maphunziro ambiri. Koma tibwerere kwa mtsikanayu. Alembi, analowa sukulu ya kontabilidadeyo atamaliza kalasi yanji, ndipo anakhalako zaka zingati?

Mlembi: Pali sitifiketi ya kalasi 10, kenako zaka 3 pa sukulu ya ntchito zamanja ndi zamalonda, pepalalo likuti mediyo.

Aphunzitsi opuma: Ndi pamenepo pagona nkhani. Ku Mozambiki makalasi amafika 12, ngati ife 8 ya pulayimale ndi 4 ya sekondale. Nthawi yomwe iyeyu amaphunzira, mwana akamaliza kalasi 10, desima ija, ankasankha kupitiriza 11 ndi 12 kapena kupita ku sukulu ya ntchito ya mediyo, ndipo kwawo komweko womaliza mediyo amamuika pa msinkhu wa kalasi 12. Ndiye werengani: iye ali ndi 10 kuphatikiza 3, zaka 13. Dipuloma yathu munthu amailowa ali kale ndi MSCE, 12 kuphatikiza 2 kapena 3, zaka 14 kapena 15. Pepala lake likhoza kutseka dzenje la MSCE, mwinanso kupitirirako pang'ono poti akaunti anaiphunzira zaka 3 zathunthu, koma kuti pepala limodzi lomwelo likhale MSCE likhalenso dipuloma, ine ndikukayika kwambiri. Funso loyamba pa pepala lililonse lakunja ndi lomweli, munthu amalowa ali ndi chiyani ndipo amatha zaka zingati.

Msungichuma: Nanga malikisi ake? Ndinaona pa chithunzi chija Masamu 14, Chingerezi 11. Ine ndinadzidzimuka, 14 si kulephera kumeneko?

Wapampando: kkkk mayi, kumeneko amawerengera pa 20, kukhoza kumayambira pa 10. Si mapointi a MANEB oti 1 ndiye dolo 9 walephera

Aphunzitsi opuma: Zoona apampando. 14 pa 20 ndi bwino ndithu. 11 wangodutsa pang'ono pa mzere, ndipo ife tinati kirediti, yomwe pa MSCE ndi 3 mpaka 6, pomwe 7 ndi 8 ndi pasi chabe. Kuti 11 uja agwera pa 6 kapena pa 7 si ife oweruza, tisangochulukitsa ndi 5 nkumati 55 peresenti ndiye kirediti, mayeso ake ndi osiyana. Kumbukiraninso kuti kumeneko Chingerezi ndi phunziro limodzi lokha, zina zonse amaphunzira m'Chipwitikizi.

Achemwali a ku Area 25: Pepani ndalowa mochedwa, nde mukuti pepala lake ndi lachinyengo? Ngati ndi feki osangomusiya bwanji

Mlembi: Ayi achemwali palibe wanena zimenezo. Kuti pepala ndi lenileni ndi nkhani ina, kuti likufanana ndi chani ndi nkhani inanso. Ife takakamira pa yachiwiriyi.

Aphunzitsi opuma: Ndipo zonse ziwiri ali nazo eni ake. Za msinkhu wa sekondale ndi a MANEB, za makoleji ndi mayunivesite ndi a NCHE ku Lilongwe. Mtsikanayo atenge masitifiketi ake enieni, ndandanda wa maphunziro ndi malikisi, ndi kumasulira kwake m'Chingerezi kochitidwa ndi womasulira wovomerezeka, osati msuweni wake wa pa Biriwiri. Poti mediyo ili pakatikati ayambe wafunsa kuti ndani mwa awiriwa aliweruze asanalipire kalikonse. Kalata yomwe adzamupatse ndi imene tidzaike mufayilo.

Msungichuma: Koma madala zimenezi zitenga nthawi, mbatata ikuyamba kulowa mwezi wamawa. Ndipo tinene zoona, theka la alimi obweretsa matumba pa Lizulu ndi a tsidya la msewu ku Mozambiki, mtsikanayu meticais ndi kwacha amazidziwa zonse, ntchito yake ndi kulemba matumba olowa ndi otuluka, malisiti ndi lipoti la pamwezi, dipuloma tinaifunira chani kwenikweni?

Achimwene a ku Joni: Funso limenelo!! Munangokopera chilengezo cha boma inu

Wapampando: Dipuloma anaifuna ndi otithandiza ndalama aja, ili mu mgwirizano womwe tinasainira. Ndipo pali anthu atatu omwe ali ndi dipuloma yeniyeni analembera, ena a MSCE yokha sanalembere nkomwe poona chilengezocho. Tikafewetsa lamulo pano chifukwa cha awiriwa, mawa amfumu adzatifunsa kuti mwana wawo tinamutsekera bwanji.

Aphunzitsi opuma: Ngati tikuona kuti dipuloma ndi yosafunika, njira ndi kupempha otithandizawo avomere, nkulengezanso kwa onse ndi mawu atsopano, mwina MSCE kapena chofanana nayo ndi zaka ziwiri za maphunziro a akaunti okhoza. Apo mtsikanayo angalowe kalata yake ikabwera bwino. Mnyamatayo angakhalebe panja ndi maphunziro ake awiri aja.

Msungichuma: Aaa nde mwana wathu yemwe akugwa mbali zonse? Ine izi sindikuvomereza, chaka ndi theka cha yunivesite chingaposedwe ndi mediyo?

Mlembi: Ndawaimbira onse awiri. Mnyamata akuti apita kwa rejisitira Lolemba koma ali ndi ngongole ya fizi, akuopa kuti kalata sampatsa. Mtsikana akufunsa ngati gulu lingamubwereke ya thiransipoti ndi yomasulira. Apampando ndiyankhe chani?

Wapampando: Ya gulu musakhudze kaye. Ndiwalembera otithandiza aja usiku uno, intavyu ya atatu aja isasunthe tsiku.