Ma 8x2 ouma kapena ma 6x2 otchipa a ku Mchesi? Ndithandizeni ndisanalipire

Mayi a mapasa: Abale moni nonse. Ndikuika chipinda chapamwamba cha matabwa pa nyumba yanga ija, ana azigona kumeneko. Makoma atalikirana mamita 4, mulitali mamita 5. Kalipentala wanga akuti tigule ma 6x2 a paini ku Mchesi tiyale mitanda basi, koma kwina andionetsa ma 8x2 ouma kale, mtengo wake ukuyandikira kawiri. Mitanda ikufunika 14 poti tikutalikitsa masentimita 40. Ndalama yowonjezerayo ndi yoyenera kapena akungofuna kundidyera?

Mmisiri wakale: Mayi musataye ndalama. 6x2 ine ndakhomera madenga zaka zambirimbiri, palibe linagwapo. Bola mulipake mankhwala a chiswe.

Injiniya wa m'gulu: Madala ndikupatseni ulemu wanu pa za madenga koma denga limanyamula malata, apa pakwera anthu, mabedi, wadilopu. Tiyeni tiwerengere limodzi. Chipinda chogona timachiwerengera makilogalamu pafupifupi 150 pa sikweya mita a anthu ndi katundu, kuphatikiza ena 50 a matabwa eni akewo ndi siling'i ya pansi pake. Ndiye 200. Mtanda uliwonse ukunyamula kampata ka masentimita 40, kutanthauza makilogalamu 80 pa mita iliyonse, onse pamodzi 320 pa mtanda umodzi. Tangoganizani matumba 6 a simenti ndi kakang'ono mutawayala pa thabwa limodzi loimika chammbali.

Mmisiri wakale: Matumba 6 okha? Ameneyo 6x2 sangathyoke achimwene, ndayesapo kuimapo anthu anayi

Injiniya wa m'gulu: Mwina sangathyoke lero, makamaka likakhala thabwa losalala lopanda mfundo. Koma tikawerengera mphamvu yokoka ulusi wa thabwa kumimba kwake pakati penipeni, 6x2 akupereka 8.5 N/mm², 8x2 akupereka 4.8. Paini wamba wosankhidwa bwino, amene ku Ulaya amamudinda C16, malamulo akale a ku Britain a BS 5268 amamulola cha m'ma 6 pa mitanda yothandizana ngati iyi. Ndiye 6x2 wapyola kale malire, ndipo wa ku Mchesiyo palibe anamudinda, pakangokhala mfundo yaikulu kumunsi cha pakati ndi pomwe amayambira kuthetheka.

Mlongo wa ku Joni: Pepani ndalowa mochedwa, bwanji osangoika matailosi? Ife kuno tinachotsa matabwa onse tinaika matailosi ndipo sakulira poyenda

Mayi a mapasa: Asisi sitikunena zoyala pamwambazo, tikunena mitanda yonyamula chipinda chonsecho, pansi pake pali sitingirumu yanga kkk

Mlongo wa ku Joni: Ooh ndiye ndaphonya, pitirizani

Injiniya wa m'gulu: Ndipo matailosi pa mitanda yofewa ndiye amasweka msanga, amawonjezeranso kulemera. Koma nkhani yaikulu kwa ine sikuthyoka ayi, ndi kutsika pakati. Ka fomula kake ndi aka

```
δ = 5wL⁴ / (384EI)
I = bh³ / 12
```

Apa δ ndi kutsikako, w katundu pa mita iliyonse, L kutalikirana kwa makoma, E kulimba kwa mtengo, b kunenepa kwa thabwa. Taonani h uyo, kutalika kwa thabwa likaima chammbali, akudzichulukitsa yekha katatu, h × h × h. Kuchoka pa mamilimita 150 kufika 200 mwawonjezera matabwa gawo limodzi mwa atatu basi koma kulimba kwake pokana kupindika kwakwera kuposa kawiri, 2.4 ndithu. Ndikaika manambala anu mayi, 6x2 akutsika mamilimita 24 tsiku loyamba chipinda chikadzaza, 8x2 akutsika 10. Pa mamita 4, malire ake ndi mamilimita 12. Munthu akamayenda pa 6x2 madzi a m'kapu pa tebulo azigwedezeka, siling'i pansi izing'aluka m'majointi.

Mmisiri wakale: Chabwino, ndiye tifupikitse mipata. M'malo mwa 40 tiike 30, ma 6x2 omwewo

Injiniya wa m'gulu: Ganizo labwino madala koma silikufikapo. Pa 30 mutsitsa 24 uja kufika 18. Kuti 6x2 afanane ndi 8x2 wa pa 40 muyenera kuika pa masentimita 17 aliwonse, mitanda pafupifupi 30 m'malo mwa 14. Pamenepo kutchipa kuja kwathera pomwepo, misomali ndi leba osawerengera.

Wa golosale ku Area 25: Ine ndinene zanga. Ndinaika kasanja ka matabwa mu shopu, mamita atatu ndi theka, ma 6x2 ongotsika kumene mu lole yochokera ku Chikangawa, ukakhoma msomali madzi kumatuluka. Tsiku lomaliza kukhoma kanali kowongoka bwinobwino mpaka ndinajambula. Ndinaikapo matumba a chimanga ndi shuga, patatha chaka ndi miyezi ingapo pakati panapanga mimba moti chitseko cha kastoo ka pansi chinasiya kutsekeka, ndachotsa matumba onse koma sikanabwerere, kanangokhala chokhota mpaka lero. Nde sindikudziwa ngati linali vuto la saizi kapena la kunyowa

Injiniya wa m'gulu: Zonse ziwiri bwana, kuphatikizapo chachitatu, matumba anuwo sankatsika. Thabwa likanyamula katundu wokhalitsa limapitiriza kutsika pang'onopang'ono kwa zaka ngakhale musawonjezere kanthu, ndipo gawo lina la kukhotako silibwerera. Eurocode 5, malamulo a ku Ulaya omangira ndi matabwa, imati thabwa louma la m'nyumba, pa kutsika kwa katundu wokhalitsayo muwonjezere 0.6 yake, kapena 0.8 ngati malowo ali achinyezi pang'ono. Koma mukalikhoma lili lonyowa nkumauma katundu ali pamsana, pa nambala imeneyo muwonjezerenso 1.0 wathunthu. Kwa mayiwa katundu wosachoka ndi pafupifupi theka, matabwa eni ake, siling'i, mabedi. Ndiye 8x2 wouma achoka pa 10 nkukathera cha pa 13. 8x2 yemweyo wonyowa akathera cha pa 18. 6x2 wonyowa akupitirira 40, masentimita anayi, mpira ukaikidwa pakona uzigubuduka wokha kupita pakati. Inu a golosale katundu wanu yense anali wokhalitsa ndiye munalandira zonse.

Mayi a mapasa: Eee ndiye kuuma nkofunika chonchi? Nanga ndidziwa bwanji kuti ouma akunenawo ndi oumadi, wogulitsa aliyense amati ake ndi ouma

Mmisiri wakale: Apa ndiye ndingathandize. Linyamuleni, lonyowa limalemera ndipo limazizira m'manja. Uzani akuchekereni kachidutswa osati kumapeto kwenikweni, utuchi wa lonyowa umagwirana ukaufinya. Komanso mukhoza kugula ma 8x2 aawisi motchipa panopa, muwasanje pamthunzi ndi timitengo pakati pake mphepo izidutsa, miyezi ya chilimweyi auma okha. Kungoti ena apotoka, muguliretu awiri atatu apadera

Injiniya wa m'gulu: Madala apa mwalasa. Ngati mungabwereke kamita koyezera chinyezi, chikhale pansi pa 20 peresenti, ndipo mubaye mkati chifukwa kunja kumauma msanga. China mupite ndi tepi yanu. Ambiri otchedwa 8x2 ukayeza umapeza 190 kwa 45, ameneyo 10 uja akukhala 13 nthawi isanayambe nkomwe ntchito yake. Mukapeza ndi otero ine ndingakonde 9x2, wa 225 weniweni amatsika mamilimita 7 okha, kapena ma 8x2 omwewo muwaike pa masentimita 30.

Posankha, goneka thabwa chafulati pa njerwa ziwiri zotalikirana mamita 4, ikani thumba limodzi la simenti pakati muyeze latsika bwanji. La 200 kwa 50 labwino litsika cha m'ma sentimita 4. Limene latsika kwambiri kuposa anzake libwezeni, mwina ndi la pakati pa mtengo waung'ono, lofewa. Pokhoma, msana wa thabwa uyang'ane kumwamba ndipo mbali ya mfundo zambiri ikhalenso kumwamba.

Wa golosale ku Area 25: Bwanji osangopingasa bimu pakati nkugwiritsa ma 6x2 omwewo? Ndi zomwe ndinachita pomaliza ine, ndinaimika chipilala

Injiniya wa m'gulu: Zimagwira ntchito kwambiri. Mukadula mtunda pakati, mamita 2 m'malo mwa 4, kutsika kumachepa ka 16, 6x2 atsika milimita imodzi ndi theka basi. Koma katundu sanathawe, theka la chipinda chonse kapena kuposerapo lakwera pa bimuyo, matani awiri ndithu pa mamita 5. Imeneyo ndi ya chitsulo, apo ayi chipilala pakati chokhala ndi fandeshoni yakeyake.

Mayi a mapasa: Chipilala pakati pa sitingirumu ayi ndakana kkkk. Funso lina, kalipentala akuti ma 8x2 akweza chipinda kwambiri ndiye azisema kumapeto theka kuti akhale pa thabwa la pakhoma. Zili bwino?

Injiniya wa m'gulu: Ayi mayi mumuletse. Pa mitanda yaitali chonchi mphamvu yong'amba thabwa kumapeto imakhala yochepa, 8x2 wathunthu ndi 0.24 pomwe malire ndi cha pa 0.7, nchifukwa sindinaitchule. Koma mukasema theka kumunsi, thabwa lotsalalo likunyamula kawiri, 0.48, ndipo malire aja amadulidwanso theka chifukwa cha kona yakuthwayo, kutsala pafupifupi 0.37. Mng'alu umayambira pakona pomwepo nkuthamanga motsata ulusi ngati mukuwaza nkhuni, ndipo sumachenjeza ngati mmene kukhota kumachitira. Mtanda ukhale wathunthu pa khoma kapena mugule zitsulo zokolekera zija. Pakati pa mtunda akhomenso tizidutswa pakati pa mitanda kuti isapendeke.

Mmisiri wakale: Kusema pang'ono sentimita imodzi yolinganizira levulo timachita ndithu, koma theka ndiye ayi ndavomera. Komabe ine ouma odulawo sindingagule, aawisi nkuumitsa ndekha. Kapena bulugamu bwanji, ndi wolimba kuposa paini ameneyo

Injiniya wa m'gulu: Wolimba inde koma amachedwa kuuma ndipo amang'aluka kumapeto, pomwe pamafunika thabwa lathunthu paja. Msomali umafunanso kuboolera.

Mmisiri wakale: Kuboola si ntchito achimwene

Mayi a mapasa: 6x2 ndamuchotsa kaye. Chatsala nchakuti ana akutsegulira sukulu posachedwa ndipo miyezi yodikira kuumitsa ndilibe, koma ndalama ya ouma onse 14 ikuvutanso. Mawa ndipita ndi tepi ndi thumba la simenti ndikaone ngati ali 200 enieni. A injiniya, ndikasakaniza ouma pakati pa chipinda, aawisi kumbali kwa makoma, zingatheke?

Injiniya wa m'gulu: Aawisiwo akamauma afupika mamilimita angapo msinkhu wake, pansi padzakhala popanda levulo ndipo misomali izidzalira. Kayezeni kaye mutiuze manambala, mwina pa 30 kapena pa 40 zisintha chiwerengero chonse.

Wa golosale ku Area 25: Mukapita mundifunsireko mtengo wa 9x2, ndikufuna kuphwasula kasanja kanga kaja