Za ndodo ya chitsulo ija, cholakwika ndachipeza

Funso langa, lokhudza mmene kutentha u kumayendera mu ndodo, linali lakuti: "Ndodo ya mita 1 ili pa madigiri 20, mbali imodzi ndaikweza kufika pa 80; bwanji ndikalemba u = X(x)T(t) mu u_t = k u_xx, sizikutheka?"

Aphunzitsi ena kuno ku Kasungu andionetsa kuti njirayi imafuna kuti mbali zonse ziwiri zikhale pa 0, chifukwa X(1)T(t) = 80 ikukakamiza T kuti isasinthe ndi nthawi. Choyamba tichotse kutentha kumene ndodoyo idzakhazikikepo mbali inayo ikakhalabe pa 20, v = 20 + 60x, ndipo chotsalacho, w = u − v, chili pa 0 mbali zonse, choncho chimalekanitsika:

```
w = Σ b_n sin(nπx) exp(−k n²π² t)
```

Apa mpamene ndinapunthwanso, pakuti ndinawerengera b_n kuchokera ku 20, pamene poyambira pa w ndi 20 − v = −60x. Zoona zake ndi b_n = 120(−1)^n/(nπ), ndipo b_1 ndi pafupifupi −38.2. Poyesa pakati pa ndodo, t ali 0, ndinapeza 50 − 38.2 + 12.7 − 7.6, nambala zimene zikuyandikira 20 pang'onopang'ono, pomwe kuwerengera kwanga kolakwika kuja kunkapita ku 70.