Ndiwasiyitse bwanji mayi omeprazole?

Anzanga, ndithandizeni. Mayi anga amwa omeprazole wa 20 mg m'mawa uliwonse kwa zaka ndithu chifukwa cha kutentha pamtima, ndipo anawathandiza kwambiri, amagona osadzuka ndi asidi kukhosi. Koma ndamva kuti akamwedwa nthawi yaitali amachepetsa vitamini B12 ndi maginiziyamu m'thupi, mafupanso amatha kufooka. Amenewa ndi achikulire, nkhawa yandigwira.

Atayesa kusiya mwadzidzidzi, moto pamtima unabwerera woposa kale. Kodi ndi asidi wongochuluka kwa milungu ingapo, kapena matenda akadalipo? Amene munasiya, adokotala anakuuzani kudumphitsa tsiku kapena kuchepetsa mlingo? Mayi amamwanso asipulini tsiku lililonse, ndiye ndikuopa zilonda za m'mimba. Tikafunse chiyani kuchipatala?