Ngongole ya denga: malata, matailosi kapena udzu?

Msungichuma: Anzanga, mayi a buku nambala 7 anatenga ngongole ya malata ndipo abweza theka lokha. Lero akupempha ina kuti afolere ndi matailosi. Lamulo la gulu lathu losunga ndi kubwereketsana ndalama likuti ngongole isapitirire katatu masheya a munthu, ndiye ine ndakana.

Mwini buku 7: Sindikuthawa ngongole ayi. Malata amatentha ngati uvuni masana, ana sangagonemo. Matailosi amazizira, komanso sachita dzimbiri.

Mmisiri wa m'gulu: Zozizirazo n'zoona, mayi, koma tiwerengere. Nyumba yanu ndi mamita 8 kwa 6, denga lake pamodzi ndi zotulukira kunja likwana masikweya mita pafupifupi 70. Matailosi adothi amalemera makilogalamu 40 mpaka 50 pa sikweya mita, kutanthauza matani atatu pamwamba pa khoma. Malata pa denga lomwelo safika makilogalamu 350. Ndiye ndalama sithera pa matailosi okha. Timatabwa tokolekapo timatalikirana masentimita 30 kapena kuposa pang'ono, pomwe pa malata mitanda imatalikirana pafupifupi mita. Matabwa achuluka katatu, phaso lifunikanso lokhuthala. Mukanyalanyaza, denga limapindika pakati, matailosi amatsegukirana, mvula n'kulowa. Khoma la zidina lopanda mkombero wa simenti pamwamba limang'ambika m'makona.

Mlembi: Ndiye bwanji agule malata a geji 32? Nambala yaikulu, ndiye olimba kwambiri.

Mmisiri: Mwatembenuza, achimwene. Nambala ikakula, lata limapyapyala. Geji 32 ndi yotchipa koma imabooka msanga pa msomali mphepo ikamaikoka. Ya 28 ndiyo yolimba. Pokhoma, msomali ulowe pamwamba pa nthiti, osati m'ngalande momwe madzi amadutsa.

Agogo: Inu mukuiwala udzu. Palibe denga lozizira kuposa limenelo, ndipo silifuna ngongole.

Mmisiri: Likafoleredwa bwino, eya agogo. Lipendekeke madigiri 45 kapena kuposa, udzu ukhuthale masentimita 25 mpaka 30. Lopyapyala ndi lathyathyathya limasunga madzi, limawola, mumafoleranso pakapita mvula imodzi kapena ziwiri. Za moto ndi chiswe mukuzidziwa.

Mwini buku 7: Nanga kutenthako ndikutani?

Mmisiri: Ikani siling'i, ngakhale ya mphasa, ndipo musiye mipata ya mpweya kumapeto onse awiri a denga kuti chifundizi chizituluka. Mtengo wake ndi wochepa kutali ndi matabwa a matailosi.

Msungichuma: Ya siling'i ingakwane pa masheya awo, koma ayambe amaliza yakale.

Wapampando: Apo ndiye pavuta. Malata agulidwa kale ndipo mvula sidikira. Ena akuti tiwonjezere pang'ono, ena akuti lamulo ndi lamulo. Mayi, mubwere ndi risiti ya malata pa msonkhano, tione geji yake ndi ndalama yotsala, kenako tivote.

Mlembi: Ndipo chiwongoladzanja cha mwezi wathawu sanapereke. Chimenecho ndichilembe pati?