Magalasi pa chithunzi cha malemu bambo akuoneka omata, ndithandizeni

Membala wobisa dzina: Abale anga, ndasowa pogwira. Loweruka likudzali tili ndi mwambo wa chiliza cha bambo athu, ndipo za chithunzi choika pa matisheti anandisiyira ine. Chithunzi chabwino tili nacho chimodzi chokha, cha pa ukwati wa azakhali, koma tsikulo sanavale magalasi. Amayi atachiona anangoti "amenewa si amuna anga." Ndatenga magalasi pa intaneti n'kuwaika ndi PicsArt, koma akungoyandama pankhope ngati sitika. Achimwene a ku Joni sanatumize ngakhale tambala koma ndiwo akulamula pa gulu la banja, alamu anga akuti ndadya ndalama, wosindikiza wa ku Area 2 akufuna chithunzi pofika Lachitatu. Bandulo yatha kawiri. Sindikugona. Nditani?

Madala a ku Kawale: Mwana wanga, chithunzi cha munthu amene anatisiya sachiseweretsa! Ine ndinayamba kujambula nthawi ya filimu, munthu ankatuluka mmene Mulungu anamulengera. Mafoni anuwa aononga ntchito.

Mayi a mapasa: Za alamu musandiuze. Ine pa chiliza cha agogo anandinena kuti ndabisa mbuzi, mpaka lero sitiyankhulana.

Nachisale: Pepani achemwali. Simunanene chofunika: nkhope yayang'ana kuti? Makutu akuoneka onse awiri?

Mnyamata wa ku Biwi: Zophweka izi. Ikani Drop Shadow basi, chikusowa ndi mthunzi.

Madala a ku Kawale: Mwamva? "Basi." Ana a masiku ano, kamera sanaigwirepo koma aliyense ndi katswiri!

Membala wobisa dzina: A Nachisale, likuoneka khutu lakumanja lokha, ankayang'ana kwa akwati. Komanso n'chithunzi chapapepala, ndinachijambulanso ndi foni.

Nachisale: Vuto ndi limenelo. Magalasi a pa intaneti ambiri amawajambula molunjika, pomwe bambo acheukira kumbali. Nkhope ikatero, galasi lakutali limaoneka lopyapyala kuposa lapafupi, ndipo mwendo wa magalasi umaoneka umodzi wokha, wopita ku khutu likuonekalo. Mukhoza kuwapinda ndi Perspective, koma mwendowo sungatuluke poti pa chithunzi cha magalasi a pa intanetiwo palibe. Ngati magalasi awo enieni alipo, muvekeni mchimwene wanu wina, acheuke ngati bambo, foni ikhale pa msinkhu wa maso ake. Musanajambule, onani mthunzi wa mphuno ya bambo. Ngati wagwera kumanzere ndiye kuti kuwala kunkachokera kumanja, choncho zenera likhale kumanja. Kenako dulani felemu yokha, m'kati mwa magalasi mufufute kuti maso akhale a bambo, mufufutenso nsonga ya mwendo imene imalowa kuseri kwa khutu.

Mnyamata wa ku Biwi: Koma mthunzi ukufunikabe, sindinaname.

Nachisale: Ukufunika, achimwene, koma Drop Shadow imagwetsa mthunzi wofanana paliponse ngati nkhope ndi thabwa. Pa mphuno felemu imakhudza khungu, mthunzi wake ndi waung'ono koma wakuda. Pa tsaya yatalikira, ndiye mthunzi umatsika pang'ono n'kumwazika. Ine ndimaujambula pamanja pa leya yapansi pa magalasi, ndimaika Multiply, mtundu ndimatapa pa mthunzi wa kunsi kwa chibwano, Opacity cha m'ma 25. Wakuda bii umaoneka ngati mwaye.

Bambo a Tadala: Amene akufuna magalasi owerengera andipeze mu inibokosi, ndimabweretsa mpaka ku Area 25.

Madala a ku Kawale: Ngakhale mujambule mithunzi khumi, ine ndingakuzindikireni ndili patali. Chithunzi chapapepala chimakhala chofewa, chili ndi timadontho take. Mukaikapo chinthu cha pa foni chimathwanima chokha ngati ndalama yatsopano. Chaka chatha wina anandibweretsera cha agogo ake atawaveka chipewa, chipewacho chakuda kuposa tsitsi, chipumi chili mbee popanda mthunzi. Ndinamubweza!

Nachisale: Apa madala anena zoona. Kulitsani chithunzi, muyerekeze mphepete mwa felemu ndi mphepete mwa kolala ya bambo. Ngati felemu yathwa kuposa kolala, ikani Gaussian Blur, yambani ndi 1 muzikweza mpaka zifanane, kenako Noise pang'ono. Felemu isade kuposa malo akuda kwambiri a pa chithunzicho. Pa foni zimavuta, Photopea pa kompyuta ndi yaulere.

Madala a ku Kawale: Ndanena zoona kuyambira poyamba. Sindikizani mmene chilili!

Mayi a mapasa: Madala, wamasiye wanena yekha kuti akufuna magalasi. Inu ndinu ndani?

Membala wobisa dzina: Magalasi alipo, amayi amawasunga m'chikwama cha Baibulo. Koma galasi limodzi linasweka, ndipo mlongo wanga wamng'ono ndi wonenepa nkhope kuposa bambo.

Nachisale: Losweka lilibe kanthu, mulifufuta. Za kunenepako, felemu ikhoza kukanuka pang'ono, ndiye yesani amalume ngati ali pafupi. Poika, yambani ndi pa mphuno ndi pa khutu, malo awiriwa akagwirizana zinazo zimatsatira.

Membala wobisa dzina: Amalume ali ku Mitundu. Ndiwaimbire usiku uno, kaya abwera mawa.

Madala a ku Kawale: Akabwera mubwere nawo kwa ine ndiwajambule ndi kamera yeniyeni, osati mafoni anuwo.