Katundu wanga wangoima pa tracking, ndizabwinobwino?

Anthu a Mulungu thandizeni maganizo. Ndinaoda ma batire a foni ku China, wogulitsa ananditumizira nambala ija ya zilembo 13, yoyamba ndi malemba awiri, manambala 9 pakati, kumapeto CN. Poyamba ndikailemba pa 17TRACK imangoti "Not Found", apo mtima sunagunde chifukwa nambala imatuluka akangosindikiza pepala lomata pa katundu, kuti ioneke mpaka a positi ausikane kaye. Kenako inaonekadi, inalemba kuti wanyamuka ku China, basi kuchoka pamenepo zii, palibe chasintha.

Mnzanga wa ku Area 25 akuti ndi mmene zimakhalira, katundu akakhala pakati pa maiko awiri palibe amene amausikana, umadzaonekanso ukafika ku Kamuzu International Airport kapena ukadutsa kwa a kasitomu. Koma chikundisowetsa tulo ndi ma batirewo, paja a lithium ali ndi malamulo ake pa ndege, mwina anaubweza osandiuza?

Inu amene mumaodaoda kuno ku Lilongwe, wanu umakhala chete masabata angati usanatulukire? Ndipo ndikafunse ku positi ndi nambala yomweyi, kapena ndiyambe ndadandaula kwa wogulitsa nthawi yobwezera ndalama isanathe? Ndalama zake ndi za geni, chonde.