Thandizani, anansi andizinga ndi pepala la ISPC

Kalaliki wa ku Ulongwe: Akuluakulu thandizani, mutu wandiwira. Ndangoyamba kumene ntchito pa kaofesi kowerengera anthu ndalama, koma kwathu onse akuyesa kuti ndine wa AT, bungwe la boma lotolera misonkho. Amayi oyandikana nane ali ndi banka ya sopo, mafuta ndi shuga. Alandira pepala loti sanalipire msonkho wa amalonda ang'onoang'ono, ISPC, wa Okotobala mpaka Disembala 2023, pansi pake pali chiwongoladzanja ndi chindapusa. Dzulo abwera ndi anzawo ena, pepala lapindidwa mu chitenje. Ndawawerengera mzere ndi mzere, akungondiyang'ana. Iwo akuti amalipira senya tsiku lililonse kumsika, ndiye ngongole yachokera kuti? Inu mumafotokoza bwanji kuti munthu amve?

Mkulu wa Domwe: Mwana wanga, pepala la boma sulimasulira pakhonde. Atumize ku DAF, ofesi ya misonkho ya m'dera. Mawa chindapusa chikakwera adzati ndiwe unawauza.

NaTsangano: Achemwali, musayambe ndi pepalalo. Yambani ndi kope lawo la malonda. Anthu ambiri amayesa kuti 3% ya ISPC imachotsedwa pa phindu, pamene imawerengedwa pa zonse zimene agulitsa. Pamene palembedwa "volume de negócios" mpamene pali nkhani yonse. Tinene kuti pa miyezi itatuyo anagulitsa katundu wa mametikali 180,000. Msonkho ndi 5,400, kaya phindu linali 20,000 kaya anagulitsa moluza. Zimapweteka, koma auzeni poyera. Kenako bisani mizere inayo ndi dzanja, muonetse umodzi wokha: uwu ndi msonkho weniweni. Akavomera, tsegulani wa chiwongoladzanja, muwauze kuti uwu umakula pamene masiku akupita. Chindapusa chibwere pomaliza, ndi chilango chochedwa. Mukatchula zonse pamodzi amangomva chiwerengero chachikulu n'kutaya mtima.

Wa Zobwe: Koma si paja ISPC ndi 75,000 pachaka? Ine ndimadziwa choncho. Mayiyo akonzekere.

NaTsangano: Achimwene mwagwira theka. Pa lamulo la 2009, limene linkagwira ntchito mu 2023, munthu ankasankha: 75,000 yokhazikika kapena 3%. Ziwirizi zinkafanana pokhapokha akagulitsa 2,500,000 pachaka, pamene panalinso malire a ISPC. Wogulitsa 720,000 pachaka ankalipira 21,600 basi. Musawaopseze amayiwa.

Wa Zobwe: Chabwino. Ine anandivuta ndi bambo wina wa chigayo, anatseka chigayo injini itafa, osakauza aliyense. Patapita nthawi pepala linabwera, iye nkumati ndalipira chiyani pomwe sindikugaya. Kutseka chitseko sikokwanira, uyenera kukalembetsa kuti ntchito waimitsa, apo ayi NUIT, nambala yako ya msonkho, imaonekabe ngati ikuchita malonda. Mpaka lero sandipatsa moni.

Mkulu wa Domwe: Mwaona? Ndi zimene ndikunenazi. Atumize ku DAF.

Kalaliki wa ku Ulongwe: Bambo ndamva, ndipo apita ndithu, koma akapita osamvetsa akangosayina n'kubwerako ali chimodzimodzi. NaTsangano, ndayesa madzulo ano. Tinakhala pamkeka ndi kope lawo, ndinawauza kuti pa 100 iliyonse yolowa mu kabati, 3 si yawo. Anawerengera okha ndi zala mpaka anafika pafupi ndi chiwerengero cha pa pepala. Anati bwanji sanandiuze chonchi kale. Chatsala ndi senya. Akuti kulipira kawiri ndi kuba.

NaTsangano: Aonetseni chidindo. Senya ndi ya munisipiyu, ndi ya malo amene akhala pamsika. ISPC imapita ku AT. Ikani mapepala awiriwo pafupi, aone okha kuti mitu yake ndi yosiyana. Koma chenjerani pa zinthu izi. Yang'anani kaye ngati NUIT ya pa pepala ndi yawodi, manambala onse 9, chifukwa kumsika mayina amafanana. Yang'ananinso tsiku limene analandira ndi masiku amene apatsidwa. Ngati analipira, afunefune risiti yodindidwa, pakamwa pokha sizithandiza. Ndipo ndalama zawo musazigwire kuti mukawalipirire, ngakhale atakuchondererani.

Mphunzitsi wopuma: Ngati ali mu Ulongwe ndiye ndi msonkho wa mutu uja wa munisipiyu, IPA. Ife a kumudzi timalipira wina kwa amfumu.

Wa Zobwe: Aphunzitsi, imeneyo ndi nkhani ina, werengani pamwambapo.

Mkulu wa Domwe: Ine ndakalamba pa ntchito ino. Lero ndi mmodzi, sabata yamawa mzere ufika pamsewu, ndipo abwana ako akamva kuti ukulangiza anthu kunyumba sakondwa. DAF.

Kalaliki wa ku Ulongwe: Mzere wayamba kale bambo. Wina wabwera ndi pepala lake, iye alibe kope, amagulitsa mbatatesi m'makwacha kwa a ku Dedza. Zogulitsa zake ndiziwerengera potani?

Wa Zobwe: Za makwachazo kuno ndiye mutu wathu wa tsiku ndi tsiku. Ndani akudziwa mtengo umene akusinthira ku Kalomwe sabata ino?